Boma limodzi, malembedwe asanu

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu madzulo, ndipo msonkhano wa masiku atatu wa aphunzitsi ochokera m'maboma onse ukutha. Anthu anyamula kale zikwama, ena aima pakhomo la ofesi kudikira kubwezeredwa ndalama zimene anayendera. Ndalamazo zikusiyana malinga ndi boma limene munthu wachokera, chifukwa wa ku Dowa sangalandire zofanana ndi wa ku Chitipa. Msungichuma watsegula kaundula pa laputopu ndipo akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: a ku Nkhata Bay alipo angati, kuti awayikire ndalama zawo mu envulopu. Kompyuta ikuti 9. Panja pali gulu la a ku Nkhata Bay, ndipo mtsogoleri wawo akuti, "Pepanitu mayi, ifetu tinabwera anthu 23, minibasi ziwiri."

Onse awiri akunena zoona. Anthu 23 aja alimodi m'kaundula, mayina awo onse analembedwa Lachitatu m'mawa. Kungoti alembi anali anayi, aliyense ndi kompyuta yake, onse akulemba m'fayilo imodzi ya pa intaneti nthawi imodzi. Mmodzi ankalemba Nkhata Bay. Wina, monga ambirife tinazolowera, ankaphatikiza kuti Nkhatabay, ndipo anatero maulendo 8. Wachitatu ankaika kamzere pakati, Nkhata-Bay, katatu. Wachinayi, mzere wa anthu utatalika, anangofupikitsa kuti NB kawiri. Ndiye panali dzina limodzi limene ngakhale mutaliyang'anitsitsa bwanji simungalipeze cholakwa: linalembedwa bwinobwino, koma chala chinakhudza batani la mpata kumapeto kwake. Mukaphatikiza 9, 8, 3, 2 ndi 1 mupeza 23.

Munthu akawerenga malembedwe asanuwa amadziwa kuti ndi boma limodzi lomwelo la m'mbali mwa nyanja. Kompyuta siidziwa nyanja. Iyo imafananitsa chilembo ndi chilembo, ndipo mpata nawo imauwerenga ngati chilembo. Fomyula imene msungichuma anagwiritsa ntchito inali iyi:

```
=COUNTIF(Kaundula!D:D,"Nkhata Bay")
```

Tanthauzo lake n'lakuti: pita pa tsamba lotchedwa Kaundula, danga D, uwerenge timabokosi tonse tolembedwa ndendende ngati mawu ali apawa. Fomyulayi silabadira zilembo zazikulu kapena zazing'ono, moti NKHATA BAY ikanamuwerenga ndithu. Koma kamzere, kafupikitsidwe, kapena mpata wobisala uja, zonsezo kwa iyo ndi malo ena.

Vuto silinathere ku Nkhata Bay. Olembetsa onse anali 412, koma ataphatikiza ziwerengero za maboma 28 anapeza 371. Anthu 41 anali m'kaundula koma osakhala m'boma lililonse. Kupatula 14 a ku Nkhata Bay aja, 11 analembedwa kuti Mzuzu, umene ndi mzinda wa m'boma la Mzimba, 6 anali LL, 4 anali BT, 3 anali Chikhwawa pamene tebulo lowerengera linali ndi Chikwawa, awiri anali Ncheu, ndipo Dowa mmodzi anali ndi mpata kumchira. Palibe mlembi amene tingamunene kuti samadziwa ntchito. Chikwawa ndi Chikhwawa zonse timaziona zitalembedwa, LL ndi BT ndi mmene timalemberana pa foni tsiku ndi tsiku. Cholakwika chinali chakuti anthu anayi anapatsidwa kabokosi kopanda kanthu, aliyense n'kuuzidwa kuti alembemo boma, osagwirizana kuti alilemba motani.

Kusankha m'malo molemba

Mankhwala ake alipo mu Microsoft Excel, mu Google Sheets, ndi mu LibreOffice Calc imene ena amaikonda poti ndi yaulere. Mu Excel ndi mu Google Sheets dzina lake pa sikirini ndi `Data Validation`. Ntchito yake ndi kuika lamulo pa kabokosi lonena zimene zingalowemo ndi zimene sizingalowemo. Malamulo otere alipo amitundumitundu, ena a manambala, ena a madeti, koma lotikhudza pano ndi lija limabala kamuvi koloza pansi m'mphepete mwa kabokosi. Mlembi akadina kamuviko, pamatsika mndandanda wa mayina, iye n'kusankhapo limodzi. Akayesa kulemba dzina limene palibe pa mndandandawo, kompyuta imakana.

Choyamba musathamangire ku lamulo. Yambani ndi mndandanda, ndipo muupatse nyumba yakeyake. M'fayilo yomweyo tsegulani tsamba lachiwiri, mulitche Mindandanda. Mu A1 lembani mutu wakuti Boma, ndipo kuyambira A2 kutsika pansi lembani maboma 28 motsatira alifabeti, kuyambira Balaka, Blantyre, Chikwawa mpaka Thyolo ndi Zomba. Adzathera pa A29. Apa ndi pamene mkangano wa Chikwawa ndi Chikhwawa uyenera kuthera, kamodzi kokha, anthu atakhala pansi. Malembedwe amene mwasankha si ofunika kwambiri. Chofunika n'choti akhale amodzi, ndipo ngati ziwerengero zanu zikupita ku ofesi ina, tsatirani mmene ofesiyo imalembera.

Kenaka bwererani pa tsamba la Kaundula. Sankhani timabokosi ta m'danga la boma, kuyambira D2 mpaka kutali ndithu, tinene D1000. Apa ambiri amaumira. Amayembekezera anthu 400 ndiye amaika lamulo mpaka mzere wa 400 basi, kuiwala kuti pamsonkhano uliwonse pamabwera ena osayembekezeka, ndipo obwera mochedwawo amagwera m'mizere yopanda lamulo. Mu Excel pitani pa `Data`, dinani `Data Validation`, pamene palembedwa `Allow` sankhani `List`, ndipo pa `Source` lembani izi:

```
=Mindandanda!$A$2:$A$29
```

Onetsetsani kuti pa `In-cell dropdown` pali chizindikiro chochonga, chifukwa ndi chimene chimabweretsa kamuvi kaja. Mu Google Sheets njira ndi yofanana: `Data`, `Data validation`, `Add rule`, kenaka pa `Criteria` sankhani `Dropdown (from a range)` n'kuloza malo omwewo.

Zizindikiro za dola zili mu fomyulayo sizokongoletsa ayi, ndipo sizikukhudzana ndi ndalama. Zimakhomerera malo a mndandanda kuti asasunthe. Mukazisiya mu Excel, kabokosi ka D2 kadzawerenga A2 mpaka A29 bwinobwino, koma D3 idzawerenga A3 mpaka A30, D4 idzayambira pa A4, choncho mpaka pansi. Mlembi wa pa mzere wachitatu adzapeza kuti Balaka wasowa, wotsatira adzasowa Balaka ndi Blantyre, ndipo pofika mzere wa 30 mndandanda udzakhala wopanda dzina n'limodzi lomwe. Mukamva mlembi akudandaula kuti maboma akumka natha akamatsika, musavutike kufufuza kwina. Tsegulani lamulo muone ngati madola alipo.

Wina angafunse kuti bwanji osangolemba mayinawo mu `Source` momwemo, olekanitsidwa ndi makoma, osavutika ndi tsamba lachiwiri? Zimatheka, ndipo pa funso la mayankho awiri kapena atatu, ngati Inde ndi Ayi, ndi mmene ine ndimachitira. Koma Excel salola zilembo zoposa 255 pamalopo. Mayina a maboma athu 28 pamodzi ndi makoma ake amakwana zilembo 219, ndiye alowa, koma motsalira malo ochepa. Komanso mndandanda wolembedwa motero umabisala m'kati mwa lamulo, mmene munthu wina sangauone kapena kuukonza mosavuta. Palinso kakhalidwe kena kodabwitsa: mayina akalembedwa mu `Source` momwemo, Excel amakana munthu wolemba dedza ndi chilembo chaching'ono, koma akachokera pa tsamba lina amamulola. Powerenga sizisokoneza, popeza tanena kale kuti `COUNTIF` sasamala za kukula kwa zilembo.

Mlonda wokana ndi mlonda wongochenjeza

Pali malo amodzi m'bokosi la lamuloli amene anthu amawadumpha, koma ndi amene amanena ngati mlonda wanu ali ndi mphamvu kapena ayi. Mu Excel amatchedwa `Error Alert`, ndipo pali zosankha zitatu. `Stop` amakaniratu, mlembi sangapitirire mpaka atakonza kapena kusiya. `Warning` amafunsa ngati mlembi akufunadi kupitiriza, ndipo akayankha kuti inde, mawu olakwika aja amalowa. `Information` amangodziwitsa, kenaka n'kutsegula chitseko. Mu Google Sheets zosankha ndi ziwiri, pansi pa `Advanced options`: `Reject the input`, kumene ndi kukana, ndi `Show a warning`, kumene kumalola mawuwo kulowa koma kumaika kachizindikiro kofiira pakona ya kabokosi.

Pa danga ngati la boma, sankhani kukana. Mlembi amene ali ndi anthu makumi atatu patsogolo pake sawerenga chenjezo, amangodina chimene chingamuchotsere bokosilo pamaso. Koma polemba uthenga wokanawo muchite ulemu ndipo munene chochita. Uthenga umene Excel amatulutsa yekha ndi wa Chingerezi chouma, ndipo umangoti zimene mwalemba sizikugwirizana ndi malamulo a kabokosiko. M'malo mwake lembani wanu, mwachitsanzo: "Sankhani boma pa mndandanda. A ku Mzuzu sankhani Mzimba. Ngati boma palibe, funsani woyang'anira kaundula." Mawu ochepawa akanapulumutsa anthu 11 aja.

Funso lenilenilo n'lotani?

Ntchito ya pa kompyuta yonseyi siitenga mphindi khumi. Imene imatenga nthawi, ndipo ndi imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu, ndi yoganiza za mndandanda weniweniwo.

Tengani mutu wa danga lija, wakuti Boma. Mufunseni Mmalawi aliyense kuti, "Boma lanu?" Mphunzitsi amene wakhala ku Area 25 zaka makumi awiri adzayankha kuti Thyolo, chifukwa ndi kwawo, ndi kumene kuli mfumu yawo ndi manda a makolo. Sakunama. Koma msungichuma akufuna kudziwa kumene munthuyo wakwerera minibasi. Mlembi wina akamafunsa kuti "Kwanu n'kuti, abambo?" pamene mnzake akufunsa kuti "Mwachokera kuti lero?", kaundula adzakhala ndi mayina olembedwa bwino okhaokha, onse ochokera pa mndandanda, koma oyankha mafunso awiri osiyana. Palibe fomyula imene ingagwire zimenezi. Kukonza kwake ndi kusintha mutu kuti ukhale Boma limene mukugwirako ntchito, ndipo ngati boma la kumudzi likufunikanso, lipatseni danga lake. Excel alinso ndi `Input Message`, kauthenga kamene kamaonekera mlembi akangodina kabokosi, ndipo ndi malo abwino olembapo funso monga liyenera kufunsidwira.

Chachiwiri, mndandanda uyenera kukhala ndi malo a munthu aliyense amene angaime patsogolo pa mlembi. Pamsonkhano wathu uja mwina pabwera alendo awiri ochokera ku Chipata ndi mmodzi wa ku Tete. Mlembi akuyang'ana mndandanda, mulibe malo awo, kompyuta ikukana kuti alembe yekha, anthu kumbuyo akung'ung'udza. Achita chiyani? Asankha Mchinji, poti ndi pafupi ndi Chipata. Lamulo lolimba lophatikizana ndi mndandanda woperewera limabala bodza looneka laukhondo, ndipo limeneli n'loipa kuposa Nkhatabay uja, amene ankaonekeratu kuti walakwika. Ndiye onjezerani dzina la 29 pa A30, lakuti Kunja kwa Malawi, ndipo pambali pa danga la boma ikani danga lina laufulu lolembamo ndemanga. Ena amakonda kuika Zina pa mndandanda. Ine sindikana, koma muziyang'ana kuchuluka kwa ogweramo. Akachuluka, ndiye kuti mndandanda wanu uli ndi dzenje, kapena alembi apeza njira yachidule.

Powonjezera dzina pa A30 pali msampha. Lamulo lija likuwerengabe mpaka A29, ndiye dzina latsopanolo silioneka mpaka mutasintha lamulo kuti lifike `$A$30`. Njira ina ndi kulowetsa mzere watsopano pakati pa mndandanda, osati kumapeto, chifukwa mukatero pulogalamu imatambasula malowo yokha. Mu Excel muthanso kusandutsa mndandandawo kukhala tebulo podina Ctrl ndi T, malo a mayinawo n'kuwapatsa dzina, dzinalo n'kuliloza pa `Source`, ndipo mukatero umakula wokha mukalemba dzina pansi pake. Chimene sindilangiza ndi kusiya mizere yambiri yopanda kanthu kumapeto pokonzekera za m'tsogolo. Excel ali ndi chilema chodziwika: malo a mndandanda akapatsidwa dzina, mukakhala timabokosi topanda kanthu, ndipo `Ignore blank` n'kukhala wochongedwa, lamulo limasiya kukana chilichonse. Kamuvi kamaonekabe, mndandanda umatsikabe, koma munthu atha kulemba nsima pa danga la boma n'kulowa.

N'chifukwa chake lamulo lililonse liyenera kuyesedwa musanaitane alembi. Pitani pa mzere woyamba, wapakati ndi womaliza, mulembe dala dzina lolakwika, muone ngati likukanidwa.

Khomo lakumbuyo

Tsopano tifike pa chinthu chimene ambiri amachidziwa zitawaonekera kale. Lamuloli limayang'ana zimene munthu akulemba ndi zala m'kabokosi. Zolowa mwa njira ina siliziona.

Njira yoyamba ndi ya zimene zinalipo kale. Msungichuma wathu akaika lamulo Lachisanu madzulo pa kaundula wodzaza kale, Nkhatabay, NB ndi LL adzakhalabe pomwepo. Excel sabwerera m'mbuyo kukakonza kapena kudandaula. Mufunika kumupempha: pa kamuvi ka pambali pa `Data Validation` pali `Circle Invalid Data`, amene amazunguliza ndi mzere wofiira kabokosi kalikonse kosagwirizana ndi lamulo. Google Sheets amaika yekha kachizindikiro kofiira kaja pakona. Kukonzako ndi kwa manja. Kwa malembedwe obwerezabwereza gwiritsani ntchito `Find and Replace`, koma musankhe danga D lokha ndipo muchonge malo onena kuti mawu afanane ndi zonse za m'kabokosi. Mukapanda kutero, posintha LL kukhala Lilongwe mudzaononga dzina la munthu aliyense lokhala ndi malembo awiriwo pakati. Kwa mpata wobisala, fomyula `LEN` imawerenga zilembo, moti Dowa akatulutsa 5 m'malo mwa 4 mwamugwira, ndipo `TRIM` imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto.

Njira yachiwiri ndi yoopsa kwambiri, chifukwa imachitika lamulo lili kale m'malo. Ndi kukopera ndi kumata. Taganizani Lachinayi m'mawa: wa ku ofesi ya boma lina watumiza fayilo yake ya anthu 30 amene afika mochedwa. Mlembi, pofuna kupulumutsa nthawi, wakopera mizere yonse n'kuimata m'kaundula. Kumata wamba, kwa Ctrl ndi V, sikubweretsa mawu okha. Kumabweretsa kabokosi konse ndi katundu wake, mtundu wake, maonekedwe ake, ndi lamulo lake. Popeza timabokosi ta m'fayilo inayo tinalibe lamulo, kusowa kwa lamuloko kumafufuta lamulo lanu pa mizere 30 imeneyo. Palibe chenjezo, palibe phokoso. Mukadina pamenepo mudzangoona kuti kamuvi kulibe. Ndipo `Circle Invalid Data` sadzazunguliza kanthu pa mizereyo, chifukwa palibenso lamulo loti liphwanyidwe.

Kumata mawu okha, kumene mu Excel ndi `Paste Special` kenaka `Values`, ndipo mu Google Sheets ndi Ctrl, Shift ndi V, kumasiya lamulo lili moyo. N'kwabwinoko, koma mu Excel mawu olakwika amalowabe osafunsidwa. Kusiyana kwake n'koti tsopano mzere wofiira uja utha kuwapeza. Lamulo likafufutika, kulibwezeretsa sikovuta: koperani kabokosi kamene kakadali ndi kamuvi, sankhani danga lonse kuyambira D2, ndipo pa `Paste Special` musankhe `Validation`. Zimene zalembedwamo sizisintha, lamulo lokha ndi limene limabwerera.

Kuuza alembi kuti asamate n'koyenera, koma adzamatabe, ndipo nthawi zina ali ndi chifukwa chomveka. Ndiye pafunika mlonda wachiwiri amene sadalira lamulo la m'kabokosi. Kumapeto kwa tebulo, kutali ndi kumene alembi amagwira, tsegulani danga lotchedwa Chongani, ndipo pa mzere wachiwiri lembani fomyula iyi n'kuikokera pansi:

```
=IF(B2="","",IF(COUNTIF(Mindandanda!$A$2:$A$30,D2)=0,"ONANI",""))
```

Ikunena kuti: ngati pa B2 palibe dzina la munthu, khala chete. Ngati lilipo, yang'ana boma la pa D2 pa mndandanda, ndipo ukalisowa lemba kuti ONANI. Fomyulayi imagwira zomatidwa, zakale, komanso munthu amene boma lake silinalembedwe n'komwe, chimene lamulo la mndandanda silingachite, popeza silikakamiza aliyense kudzaza kabokosi. Pamwamba pa tsamba, poonekera, ikani kabokosi kamodzi kowerenga ma ONANI onse. Woyang'anira kaundula akangotsegula fayilo aziyamba kuyang'ana pamenepo. Pakakhala 0 apitirize tiyi. Msungichuma uja akanakhala ndi kabokosi kameneka akanaona 41 Lachitatu masana, anthu adakali pompo oti n'kuwafunsa.

Ndani ali ndi kiyi wa mndandanda

M'fayilo yogawana, aliyense wololedwa kulemba athanso kutsegula tsamba la Mindandanda. Tsiku lina mlembi wokonda kwawo adzaona kuti Chikwawa alibe h pambuyo pa k, n'kumuwonjezera. Zolinga zake ndi zabwino. Koma mu Excel kusintha dzina pa mndandanda sikusintha zimene zinasankhidwa kale. Anthu 12 olembedwa dzulo adzakhalabe a ku Chikwawa, a lero adzakhala a ku Chikhwawa, ndipo mwabwerera pomwe munayambira, lamulo lili chilili. Dzina likayenera kusintha, asinthe munthu mmodzi, pa mndandanda ndi m'kaundula nthawi yomweyo, makamaka alembi ataweruka.

Mu Google Sheets tsekani tsambalo pa `Data`, `Protect sheets and ranges`, n'kusiya mphamvu kwa anthu awiri, osati mmodzi, chifukwa tsiku limene mmodziyo wapita kumaliro ndi lomwe dzina latsopano lidzafunike. Danga la Chongani litsekeninso. Mu Excel kutseka kuli pa `Review`, `Protect Sheet`, koma pa tsamba la Kaundula muyambe mwamasula timabokosi tolembamo pochotsa chochonga pa `Locked`, apo ayi alembi sadzatha kusankha kanthu. Dziwaninso kuti tsamba likatsekedwa, inu nomwe simungasinthe lamulo mpaka mutalitsegula. Ndipo ngati netiweki yavuta n'kukakamizika kuti aliyense alembe pa fayilo yakeyake, onse achoke ndi kope la fayilo imodzi yokhala ndi mndandanda womwewo, ndipo pophatikiza madzulo mumate mawu okha.

Anthu akaona ubwino wa kamuvika amafuna kukaika paliponse. Kamayenera pamene mayankho ali ochepa, odziwika kale, ndipo mudzafuna kuwawerenga: boma, mwamuna kapena mkazi, udindo, tsiku lofika, walipira kapena ayi. Pa mayina a anthu ndi nambala za foni sikathandiza. Pa mayina a midzi kapena masukulu, amene ali zikwizikwi, mndandanda umodzi wautali umatopetsa mlembi mpaka kuyamba kusankha chilichonse chofanana nacho. Pali njira yoti mndandanda wachiwiri uzidalira woyamba, kuti wosankha Dedza aone mafumu a ku Dedza okha. Mu Excel imachitika kawirikawiri ndi fomyula ya `INDIRECT` ndi malo opatsidwa mayina, koma mayina amenewo salola mpata pakati, ndiye Nkhata Bay amadzavutanso. Imeneyo muisiye kaye mpaka kaundula wophweka atayenda bwino msonkhano umodzi wathunthu.

Mnansi wa pa mndandanda

Chatsala cholakwika chimodzi chimene mndandanda weniweniwo umabweretsa. Onaninso maboma athu atandandalikidwa motsatira alifabeti. Karonga wagona pamwamba pa Kasungu. Machinga, Mangochi ndi Mchinji atsatizana. Ntcheu ali pamwamba pa Ntchisi. Ndipo pamwamba penipeni pa Lilongwe pali Likoma. Mlembi wotopa, kapena amene akulembera pa foni ndi chala chachikulu, akaphonya pang'ono, mphunzitsi wa ku Kawale wasanduka wa pachilumba. Dzinalo lalembedwa bwino, lachokera pa mndandanda, danga la Chongani lili chete. Pamsonkhano wathu uja, munthu ameneyo angawerengeredwe ndalama ya sitima ya pa nyanja.

Pa kompyuta, ngoziyi imachepa alembi akasiya kusaka ndi mbewa n'kumalemba zilembo zoyambirira. Mu Google Sheets ndi mu Excel watsopano, mukalemba Lil mndandanda umafupika n'kutsala ndi Lilongwe. Kuwerengera munthu mokweza zimene mwasankha kumathandizanso: "Ndalemba Ntchisi, amayi, eti?" Zimatenga kamphindi, ndipo mwini wake sangalole kusamutsidwira ku Ntcheu ali maso.

Zotsala zimagwidwa ndi munthu wodziwa dziko lake akayang'ana tebulo la ziwerengero. Likoma ndi boma laling'ono kwambiri pa chiwerengero cha anthu, ndipo Lilongwe ndiye lalikulu. Ngati kalata yoitana inapempha aphunzitsi atatu ochokera ku Likoma koma tebulo likuonetsa 10, pitani pa `Data`, dinani `Filter`, musankhe Likoma yekha pa danga D, ndipo muwerenge mayina a masukulu amene ali pambali pake. Asanu ndi awiri owonjezerawo mudzawapeza akuphunzitsa ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Kawale.